Chala pa Kabowo ka Foni

Sungani anamwalira Lolemba masana, patangopita maola awiri chimugonekereni m'chipatala cha mishoni. Anali ndi zaka zitatu. Adokotala anati anali malungo ndipo magazi anali atachepa kwambiri. Anayesetsa kumuika ena koma zinali zitachedwa. Mayi ake, Ursula, anamubereka kumbuyo ngati wamoyo nakwera naye njinga yamoto ya mlamu wake Nikodemo kubwerera ku Likoswe. Bambo a mwanayo, Stefano, ankabwera pambuyo pa njinga ina, atanyamula kabasiketi ka zovala zomwe mwana sanazivale n'komwe.

Dzulo lake, Lamulungu, mwanayo anali atagona pa mkeka pakhonde, thupi lili moto. Linali tsiku lachitatu akudwala. Stefano ankagwira ntchito yaulonda ku Limbe ndipo kumudzi ankabwera kawiri pamwezi. Atamva kuti mwana sakupeza bwino anauza mkazi wake kuti amujambule vidiyo, aone yekha m'mene alili.

Ursula anadzutsa mwana, namumwetsa masipuni anayi a phala, kenako n'kumugonekanso. Kuti mwana aoneke yense kuyambira kumutu mpaka kumapazi, foni anaigwira chopingasa ndi manja awiri, osati choimika monga ankachitira masiku onse. Atangoyamba kujambula, pabwalo panatulukira a Nabanda.

A Nabanda anali mayi wamasiye wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ndipo ankakhala okha kuseri kwa munda wa chimanga wa Ursula. Analera ana asanu ndi mmodzi, naika atatu m'manda. Pakamwa pawo panalibe chitseko. Miyezi iwiri m'mbuyomo anadzudzula Ursula pa mjigo, amayi onse akumva, kuti amakhalira kudinadina foni mwana akudya dothi. Kuyambira tsiku limenelo Ursula ankangowayankha moni basi.

Agogowo anagwada pambali pa mkeka. Anagwira mwana pachipumi, natsitsa chikope cha m'munsi ndi chala, nayang'ana. Anatambasula kadzanja ka mwana n'kuyang'anitsitsa chikhatho. Kenako anatembenuka, naloza Ursula ndi chala.

“Iwe Ursula, maso awa ayera ngati ufa. Magazi mulibe umu. Siya chimenecho, bereka mwana upite kuchipatala lero lomwe. Ukadikira, mwanayu safika mawa madzulo.”

Ursula sanatsitse foni. Kumwamba mvula inali itakonzeka, mtsinje wa kunjira unali wodzaza, ndipo amene ankalankhulayo anali mayi yemwe uja wa pa mjigo. Anajambulabe mpaka a Nabanda anadzuka n'kupita, akupukusa mutu. Vidiyoyo anaitumiza osaionera n'komwe.

Stefano anaimba patapita kanthawi.

“Mawu sakumveka, koma ndaona kuti ali maso. Phala wamwa?”

“Wamwako.”

“Mumupatse panado. Mawa ndikaweruka ndilawira, tipite naye limodzi. Nanga agogowo amati chiyani, ndaona akukulozani?”

“Zawo zomwe zija,” anatero Ursula.

Lachiwiri m'mawa Ursula anali m'nyumba ya siwa, atakhala pansi pafupi ndi kabokosi, amayi a mphakati atamuzungulira akuimba. Misozi inali itauma. Anali atalira mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano ankangoyang'ana msomali umodzi wa pa bokosi womwe unakhomedwa mokhota.

Nyimbo itatha, anamva phokoso lina kuchokera panja. Linali ngati munthu akulankhulira mu mtsuko, mawu okhuthala opanda mutu, osakanikirana ndi kukwecha ndi kugunda. Linaleka, linayambanso. Kachitatu linamveka mokweza kwambiri, ndipo pakati pake panatuluka mawu anayi omveka bwino ngati belu, mawu a mayi wokalamba: “mwanayu safika mawa madzulo.” Kenako mtsuko uja unatsekekanso.

Ursula anawazindikira mawuwo.

Amayi a m'nyumbamo anayang'anana. Ena awiri a kukhomo anadzuka n'kutuluka. Nyimbo yotsatira inayambitsidwa koma oyankha anali ochepa.

A Felista, mayi ake aang'ono a Ursula, ndi amene ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwawo. Anatuluka, nakhala kunjako mphindi zingapo, nabwera kudzagwada pafupi ndi Ursula. Analankhula chapansipansi.

“Amuna ako amaonera kavidiyo ka mwana pansi pa mango paja, akulira. Nikodemo wakaona. Wakalumikiza ku kasipika kake ka pa njinga, ndiye anthu onse akamva. Pano kali m'mafoni a anyamata.”

A Felista anapitiriza.

“Akuti mawu amenewo si a munthu. Akuti a Nabanda amalankhula chinenero cha kumanda, ndipo kugunda kuja ndi ng'oma zawo. Adzukulu nawo abwera, akuti pomwe anayamba kukumba apeza thanthwe, ayambanso pena. Zonse akuziika pamodzi.” A Felista anamugwira pabondo. “Wajambula ndiwe. Amati chiyani agogowo?”

Ursula anayang'ana bokosi. Akanangoti sindikukumbuka, palibe akanamufunsanso. Mayi woferedwa safunsidwa kawiri. Anthu onse m'nyumbamo kuyambira dzulo ankamuuza kuti anachita zonse zimene mayi angachite, ndipo iye ankavomera ndi mutu.

“Mutu wanga sukugwira, amayi,” anatero.

A Felista anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera pamalo pawo. Sanayambitse nyimbo.

Panja mawu a amuna anakwera. Ursula anazindikira mawu a Nikodemo, okwera pamwamba pa onse, ndi a amalume ake akuyesa kuletsa. Kenako kunamveka mapazi ambiri akuchoka pabwalo, kulowera kunjira ya m'chimanga. Pabwalo panangoti zii. M'nyumbamo munatsala amayi asanu, onse okalamba, ndipo mmodzi wa iwo ankapemphera kolona mofulumira kwambiri.

Chakutali kunamveka mwala ukugwa pa malata. Kenako wina.

Ursula anaimirira. Mayi wa kolona uja anamukoka chitenje.

“Mwana ali pano, iwe. Mayi sachoka.”

“Mundiyang'anire,” anatero Ursula, natuluka wopanda nsapato. A Felista anamutsatira.

Kanjira ka m'chimanga kanali koterera ndi mvula ya usiku. Masamba onyowa ankamumenya kumaso. Atatulukira pabwalo la a Nabanda anapeza anthu oposa makumi anayi, ambiri anyamata, ena ali ndi matope a kumanda m'miyendo. Zenera lokhalo la nyumbayo linali litasweka. Chitseko chinali chitakankhidwa, ndipo a Nabanda anali atakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, mpango uli pambali. Pamwamba pa diso lamanzere pankatuluka magazi, akutsikira m'makwinya. Sankalira. Ankayang'ana anthuwo mmodzimmodzi, ngati akuwerenga amene anawaona akubadwa.

Nikodemo anaima patsogolo pawo, kasipika kali m'dzanja limodzi, foni m'dzanja lina.

“Tiuzeni zimene mumanena apa,” ankatero. “Mwanayo mwamuika kuti?”

“Ndanena kale,” anatero a Nabanda. “Ndinati apite naye kuchipatala.”

“Chipatala chake chili pati m'mawu awa?” Anadinanso foni. Mawu a mu mtsuko aja anadzaza bwalo, ndipo anthu anakhala chete kudikira malo aja. Atafika, gulu linabuula pamodzi. Mnyamata wina anawerama n'kutola chidutswa cha njerwa.

Stefano anali chapambali, atatsamira mtengo wa papaya, maso ali psu. Sankaponya kanthu, komanso sankaletsa.

Ursula anadutsa pakati pa anthu. Anamupatukira, chifukwa palibe ankayembekeza kumuona kumeneko. Anakaima pakati pa Nikodemo ndi khonde.

“Alamu, zimitsani.”

Mawu ake anali osasa ndipo anabwereza kuti amveke. Nikodemo anazimitsa.

“Alamu, bwererani kunyumba,” anatero iye mofatsa. “Izi tisiyireni ife.”

“Wajambula ndine. Ndinali pomwepo.” Ursula anatembenukira kwa anthu. “Agogowa akunena zoona. Anayang'ana maso a mwana, anati magazi atha. Anati ndibereke mwana ndipite kuchipatala tsiku lomwelo. Anati ndikadikira, mwanayu safika mawa madzulo. Mwamva kumapeto kokha. Ine ndinamva zonse, ndipo sindinapite.”

Ursula sanayang'ane kumene kunali mwamuna wake.

“Amutseka m'maso,” anatero munthu wina kumbuyo. “Ndi mmene amachitira.”

“Chisoni chamusokoneza.”

Nikodemo anapukusa mutu. Iyeyu ndi amene ananyamula mwanayo popita ali moyo ndi pobwera atafa. “Alamu, mavidiyo anu ndimawaona. Ya ubatizo ija, ya kumunda ija, onse amamveka bwinobwino. Foni yomweyi. Bwanji lero lokha, pamene akulankhula awa, mawu asanduke chonchi? Ndipo bwanji atseguke pa mawu a imfa pokha?”

Funso lomwelo linali litamuvutitsa Ursula njira yonse ya m'chimanga. Mnyamata wa njerwa uja anasendera kutsogolo.

“Yambitsaninso,” anatero Ursula. “Kuchiyambi. Mumvetsere agogowa asanafike.”

Nikodemo anazengereza, kenako anadina. Pa foni panaoneka mkeka ndi mwana yekha. Mawu okhuthala aja anali atayamba kale.

“Amene akulankhula apo ndine. Ndikuti, bambo a Sungani, muoneni mwana wanu. Agogowa sanafike n'komwe. Ngati mawu amenewo ndi a kumanda, ndiye kuti ndi anga.”

Ena anasendera kuti aone. Zinali zoona, pa chithunzipo panalibe a Nabanda. Koma wina anati mfiti imayamba kufika thupi lisanafike, ndipo angapo anavomereza.

Apo ndi pamene a Felista analankhula. Anali atagwada pakhonde, atapanikiza mpango pa bala la a Nabanda, ndipo sanadzuke.

“Ursula, foni yako ili kuti?”

Inali yomangidwa pa nsonga ya chitenje kuyambira kuchipatala. Ursula anamasula. Moto unali utatsala pang'ono.

“Igwire mmene unaigwirira Lamulungu. Usaganize, ingoigwira.”

Ursula anaipingasa, naigwira ndi manja awiri kumapeto onse.

“Ima choncho. Nikodemo, bwera uone chala cha kumanja chili pati.”

Nikodemo sanasunthe. A Felista anamuyang'ana. “Ndinakuphunzitsa katekisimu, iwe. Bwera.”

Anabwera. Chala cholozera cha Ursula chinali chitagona m'mphepete mwa foni, kumunsi kwake, pomwe amalowetsa chaja. A Felista anamuuza kuti achinyamule pang'ono. Pansi pake, pambali pa polowera chaja, panali kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano.

“Mawu amalowera pamenepo,” anatero a Felista. “Chaka chatha tinajambula nyimbo zitatu za Pasaka kuti titumize ku parishi, zonse zinatuluka ngati tikuimbira pansi pa madzi. Tinkati foni yafa. Wokonza mafoni ku Milepa ndi amene anandionetsa kuti wojambulayo ankatseka kabowoka ndi dzanja. Ukaigwira choimika chala sichifikapo. Ukaipingasa chimagona pomwepo.”

“Zimenezo ndi zonena chabe,” anatero mnyamata wa njerwa.

“Ndiye tisanene. Ursula, bweza chala. Jambula alamu akowa. Nikodemo, lankhula.”

“Ndinene chiyani?”

“Dzina lako ndi la bambo ako. Ubwereze mpaka ndikuuze.”

Nikodemo anayang'ana anzake, kenako anayang'ana foni. “Ndine Nikodemo, mwana wa a Jeremiah,” anatero, mawu ali ouma. Anabwereza. Pakati pa kachitatu a Felista anauza Ursula kuti anyamule chala, kenako achibwezenso. Chala cha Ursula chinkakhuzika pa foni.

“Basi. Ilumikize ku kasipika kako komweko, asati tasintha china.”

Zinatenga nthawi. Nikodemo anayamba wachotsa foni yake, n'kufufuza ya Ursula, kasipika n'kukana, n'kuyesanso. Anthu anadikira. Mwana wina analira kumbuyo kwa mayi ake. Ursula ankayang'ana kachizindikiro kofiira ka moto pakona, akuopa kuti foni izima zisanatheke. Ankaopanso kuti mwina mawu atuluka bwinobwino, ndipo sankadziwa chimene akanachita pamenepo.

Kasipika kanalira kusonyeza kuti kagwira. Pa foni panaoneka nkhope ya Nikodemo, milomo ikuyenda. M'kasipika munatuluka mawu a mu mtsuko omwe aja, okhuthala, opanda mutu, ndi kukwecha ndi kugunda komwe kuja pamene chala chinkakhuzika. Kenako mwadzidzidzi kunamveka bwino: “mwana wa a Jeremiah.” N'kutsekekanso.

Palibe anaseka. Nikodemo anaonera mpaka kumapeto, nabwereza yekha kachiwiri osauzidwa. Anatenga foniyo m'manja mwa Ursula, naitembenuza, nayang'ana kabowo kaja nthawi yaitali.

“Lamulungu chala chinangoterereka pamenepo,” anatero a Felista. “Chikanaterereka pa mawu oti chipatala, bwenzi tonse tili ku maliro, osati pano.”

Anthu a kumbuyo anayamba kuchoka, awiriawiri, osalankhula. Adzukulu anakumbukira kuti manda sanathe. Mnyamata uja anagwirabe njerwa yake mpaka kumapeto kwa bwalo, naiponya m'chimanga. Koma si onse anakhutira. Ursula anamva mayi wina akunena akuchoka kuti nanga agogowo anadziwa bwanji tsiku, ndipo mnzake anati n'zimenezotu.

Stefano anachoka pa mtengo paja nabwera pafupi. Sanayang'ane mkazi wake. Anafunsa a Felista.

“Mawu enawo sangatuluke? Tikapita nayo kwa okonza?”

“Ndinafunsa za nyimbo zathu zija. Anati chimene sichinalowe sichingatuluke. Ukakweza umangokweza phokoso lomwelo.”

Stefano anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa Ursula.

“Ndinakufunsani,” anatero. “Ndinati agogowo amati chiyani.”

“Munandifunsa.”

“Munati zawo zomwe zija.”

“Ndinatero.”

Ursula anadikira kuti amumenye kapena amutukwane pamaso pa otsalawo, ndipo akanalandira. Stefano anangopukuta kumaso ndi dzanja.

“Nanenso ndinati mawa,” anatero, koma mawuwo sanali omupepesa. Anatembenuka n'kulowa m'kanjira ka m'chimanga yekha.

Nikodemo anati akatenge njinga aperekeze agogowo kuchipatala akasokedwe. A Nabanda anakana osamuyang'ana. Anati njinga imeneyo sakwera. A Felista anatuma munthu kukaitana wakabaza wa njinga yakapalasa wa mudzi wina, ndipo podikira anawatsuka bala ndi madzi a mchere.

Ursula anagwada pansi pa khonde, m'matope.

“Agogo.”

A Nabanda anamuyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatsekedwa ndi mpango.

“Unachedwa Lamulungu, wachedwanso lero,” anatero. “Koma wabwera. Pita, mwana ali yekha.”

Sungani anaikidwa cha m'ma 2 koloko, mvula ikuwaza. Nyimbo zinaimbidwa zonse, ulaliki unali waufupi, ndipo amalume a Ursula polankhula m'malo mwa banja sanatchule za m'mawa uja. Anthu ankamuyang'ana Ursula mosiyana ndi dzulo. Amayi ena amene anagona naye m'siwa sanabwerenso kudzamugwira dzanja potsanzika.

Apolisi anabwera Lachinayi, atamva kuchokera kuchipatala. A Nabanda anati sanaone amene anaponya mwala, ngakhale anthu onse ankadziwa kuti anamuona. Anyamata atatu anatengedwa, nabwerako patapita masiku awiri. Vidiyo ija inapitirira kuyenda m'mafoni mpaka ku Kadewere ndi kupitirira, kwa anthu amene sanamve za chala, ndipo kumeneko nkhani inakhala yoti ku Likoswe kuli gogo amene anajambulidwa akulodza mwana. Ya Nikodemo ija a Felista anaitumiza m'magulu onse amene analimo, ndi mawu ofotokoza, koma sinayende kutali.

Loweruka mwana wamkazi wa a Nabanda anabwera kuchokera ku Milepa ndi anyamata awiri. Anamanga katundu, anagwira nkhuku, anakhoma thabwa pa zenera losweka. A Nabanda ananyamuka atakhala pa njinga, bandeji ili pachipumi, osatsanzika aliyense. Chimanga chawo anachisiya m'manja mwa a Felista.

Stefano anabwerera ku Limbe Lamulungu. Masiku onsewo ankagona kwa Nikodemo, ndipo ndi mkazi wake ankangolankhula zofunika pamaso pa abale. Ponyamuka analowa m'nyumba kudzatenga chikwama chake. Ursula anali atakhala pa bedi akupinda zovala za mwana.

“Mwezi ukatha mubwera?” anafunsa Ursula.

“Sindikudziwa.”

Anafika pakhomo, naima, nabwerera. Anatenga kajuzi kofiira pamwamba pa mulu wa zovalazo, nakaika m'chikwama. Ursula anamuperekeza mpaka pamsewu, akuyenda pambuyo pake, ndipo anaima pomwepo mpaka njinga ya kabaza inapezeka.